Kalata yofunsira ntchito yoyamba: ulembemo chiyani ngati sunagwirepo ntchito?

Madzulo ena mwana wa mlongo wanga anabwera kunyumba ndi pepala m'manja, nkhope ili yakugwa. Panali patatha miyezi 8 chimalizire dipuloma yake ya za maakaunti pa koleji ina mu Blantyre, ndipo anali atatumiza makalata ofunsira ntchito oposa 20. Palibe ngakhale kampani imodzi imene inamuyitana.

"Amalume, tandiwerengerani kalatayi. Mwina ndi Chingerezi changa chikundigwetsa," anatero.

Ndinaiwerenga kawiri. Chingerezi chinalibe vuto. Vuto linali zimene kalatayo inkanena. Tikaitembenuzira m'Chichewa, inkati iye ndi mtsikana wodzichepetsa, wolimbikira ntchito ndi woopa Mulungu. Kuti ngakhale sanagwirepo ntchito kulikonse, akupempha kuti amuganizire. Kuti kwawo zinthu n'zovuta ndipo akampatsa mwayi sadzawakhumudwitsa. Zonsezi zinali zoona, ndipo ndinamva chisoni poziwerenga. Koma mu kalata yonseyo munalibe chiganizo ngakhale chimodzi chosonyeza kuti mwanayu amatha kusunga buku la ndalama.

Kalata ngati imeneyi ikulembedwa ndi achinyamata ambiri amene angotuluka kumene m'makoleji ndi m'mayunivesite athu. Amaganiza kuti poti sanalembedwepo ntchito, alibe chonena, choncho amadzaza tsamba ndi madandaulo ndi mawu odzikometsera. Koma wolemba anthu ntchito akamafunsa ekisipiriyensi, chimene akufuna kwenikweni ndi umboni woti ntchitoyo munaigwirapo ndi manja anu ndipo siinakukanikeni. Umboni wotero ambiri ali nawo. Sanaphunzire kuuzindikira ndi kuulemba basi.

Amene akuwerenga kalata yanu

Tiyambe ndi munthu wa mbali inayo. Ntchito imodzi ya ukalaliki ikalengezedwa mu The Nation kapena The Daily Times, makalata amabwera mulu. Amene akuwasankha amakhala ndi chilengezo chija pambali pake, ndipo ntchito yake yoyamba ndi kuchepetsa muluwo kuti patsale anthu ochepa oyitanidwa ku intavyu. Sawerenga ngati mmene timawerengera kalata ya m'bale. Maso ake amathamanga kufunafuna zinthu zimene zinalembedwa m'chilengezo. Akazipeza, kalatayo aiyika mbali iyi. Akapanda kuzipeza, mbali iyo.

Siivi, pepala lija la mbiri ya maphunziro ndi ntchito, imangondandalika zinthu: sukulu yakuti, chaka chakuti, satifiketi yakuti. Kwa munthu amene wagwira ntchito zaka 10, siivi imadzilankhulira yokha. Kwa amene wangomaliza sukulu, siivi imakhala yopyapyala ndipo imafanana ndi ya anzake onse a m'kalasi mwake. Apa m'pamene kalata imalemera. Ndi malo okhawo amene mungafotokoze kuti chinthu chakuti chimene ndinachita ndi chomwecho mukufunachi.

Yambani ndi chilengezo, osati ndi kalata

Ndinamufunsa mwana uja kuti pa ntchito zimene zikadali zotsegula, akuifuna kwambiri ndi iti. Anandionetsa chilengezo cha kampani ina yogula mbewu kwa alimi, imene inkafuna wothandizira mu ofesi ya maakaunti. Tinatenga cholembera n'kuyamba kudula mizere kunsi kwa chilichonse chimene ankafuna. Tinapeza zisanu: dipuloma ya za maakaunti, kudziwa Excel, kusunga kashibuku, kufananitsa buku la ndalama ndi sitetimenti ya kubanki, ndi kutha kugwira ntchito ndi alimi. Kumapeto kunali mzere wina wonena kuti amene anagwirapo ntchito yotere kwa chaka chimodzi adzakhala ndi mwayi woposa.

Mzere womalizawu ndi umene unkamuopsa, koma tiuwerenge bwino. Zilengezo zambiri zimasiyanitsa zinthu ziwiri. Pali zimene munthu ayenera kukhala nazo, ndipo pali zimene zimangowonjezera mwayi. Pa zoyambazo palibe kunyengerera: ngati akufuna namwino wolembetsedwa ku Nurses and Midwives Council of Malawi, kapena dalaivala wa laisensi ya galimoto zazikulu, kapena munthu wa zaka zisanu pa ntchito ya umanijala, kalata yokoma chotani singalowe m'malo mwa zimenezo, ndipo kutumiza n'kungotaya ndalama ya bando ndi ya fotokope. Koma ekisipiriyensi ikalembedwa ngati chowonjezera mwayi, kapena ikakhala ya chaka chimodzi pa ntchito ya poyambira, khomo silinatsekedwe. Likufuna munthu amene angasonyeze kuti anazichitapo, ngakhale sanalandirepo malipiro a pamwezi.

Kufukula zimene munachitapo

Tinatenga pepala lina n'kulidula pakati. Kumanzere tinalemba zofuna za kampani zija. Kumanja kunayenera kulowa chimene iye anachitapo chofanana ndi chilichonse. Anayang'ana pepalalo n'kunena kuti, "Koma amalume, ine palibe chimene ndinachitapo."

"Pa atachimenti unkatani tsiku lonse?" ndinamufunsa.

Anati ankangothandizira. Ndinamupempha kuti andifotokozere tsiku limodzi kuyambira m'mawa. Apa m'pamene zinayamba kutuluka. Kwa miyezi itatu, mu ofesi ya maakaunti ya kampani ina yogulitsa zipangizo zomangira, ankalowetsa mavocha a malipiro mu Excel, pafupifupi 40 pa sabata. Ankasanja marisiti motsata masiku. Kumapeto kwa miyezi iwiri anakhala pansi ndi akauntanti kufananitsa kashibuku ndi sitetimenti ya kubanki, ndipo mwezi wachiwiri anayamba yekha, bwanayo n'kungoona pomaliza.

Nditafunsa za kunyumba, anaseka, akuganiza kuti za kumeneko sizilowa m'kalata ya ku ofesi. Komatu kwa zaka ziwiri ndiye ankalemba buku la banki mkhonde ya mayi ake, gulu la amayi 22, ambiri mwa iwo alimi. Sabata iliyonse ankalemba masheya amene aliyense waponya, ngongole zimene zatengedwa ndi chiwongola dzanja chimene chabwezedwa. Chaka china, atatsala pang'ono kugawana, ndalama za m'bokosi zinaperewera ndi K45,000 poyerekeza ndi za m'buku. Mawu anayamba kukwera, ena akuloza chala msungichuma. Iye anatenga bukulo n'kulitsata tsamba ndi tsamba usiku wonse, mpaka anapeza kuti kubweza kwa ngongole ina kunalembedwa kawiri, masabata awiri otsatizana. Ndalama sizinabedwe, ndipo gululo silinapasuke.

Panalinso china. Pa tchuthi ankakhala pa kabenchi ka Airtel Money ndi Mpamba ka msuweni wake, ndipo madzulo alionse asanatseke ankawerengera ndalama za m'thumba ndi zotsala mufoni kuti aone ngati zikukwana ndi zimene anayamba nazo m'mawa.

Pomaliza, mbali ya kumanja ya pepala inali itadzaza. Munthu amene ankati palibe chimene anachitapo anali atasungapo kashibuku, atafananitsapo mabuku ndi banki, atapezapo cholakwika m'mabuku a ndalama za anthu, ndiponso atagwirapo ntchito ndi alimi. Amati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Tinaleredwa kuti kudzitchula wekha n'kudzitama, ndipo mwambowu ndi wabwino pamudzi. Koma kunena chimene unachita, malo ake ndi kuchuluka kwake, si kudzitama. Ndi kupereka lipoti.

Aliyense ali ndi malo ake oti afukule. Wa zauphunzitsi ali ndi teremu ija anaphunzitsa poyeserera: kalasi yanji, ana angati, phunziro lanji. Wa zaulimi wochokera ku Bunda ali ndi kafukufuku wake wa chaka chomaliza: anayenda midzi ingati, anacheza ndi alimi angati, zotsatira anazisanthula ndi pulogalamu yanji. Wa ntchito zamanja wa pansi pa TEVETA ali ndi nyumba zimene anakokamo mawaya kapena mageti amene anawotcherera ali ndi mmisiri womuphunzitsa. Amene anali msungichuma wa bungwe la achinyamata ku tchalitchi kapena ku mzikiti, amene anathandiza pa kalembera kapena pa katemera, amene ankayendetsa golosale ya kwawo, onsewa ali ndi chonena. Chofunika n'chakuti chikhale choona, ndipo chikhudzane ndi ntchito imene ikufunidwayo.

Kusandutsa mawu odzikometsera kukhala umboni

Pa zonse zimene zatuluka, sankhani ziwiri kapena zitatu zimene zikugunda ndendende pa zofuna za m'chilengezo. Chilichonse chilembeni motere: munachita chiyani, kuti, kwa nthawi yaitali bwanji, zochuluka bwanji, ndipo zinatha bwanji.

Taonani kusiyana kwake. Kalata yoyamba inkati, "Ndine wokhulupirika ndi wosamala pa ndalama." Chiganizo chimenechi wakuba ndi wolungama onse angachilembe, ndipo woŵerenga alibe njira yodziwira amene akunena zoona. Kalata yachiwiri inati, "Kwa zaka ziwiri ndinkasunga buku la banki mkhonde ya anthu 22, ndipo ndalama zitasiyana ndi buku ndi K45,000, ndinatsata zolembedwa zonse mpaka ndinapeza kuti kubweza ngongole kwina kunalembedwa kawiri." Mawu oti kukhulupirika mulibemo, koma woŵerenga amafika yekha pa ganizo limenelo, ndipo ganizo limene munthu wafikapo yekha amalikhulupirira.

Manambala amathandiza chifukwa amapatsa woŵerenga chithunzi cha kukula kwa ntchito. "Ndinkathandiza kulowetsa mavocha" akhoza kukhala mavocha atatu pa mwezi. "Pafupifupi 40 pa sabata" akusonyeza munthu amene anazolowera ntchitoyo. Koma nambala iliyonse ikhale yoti mungaiteteze. Ngati simukukumbukira bwino, nenani kuti pafupifupi, ndipo tsitsani m'malo mokweza.

Mamangidwe a kalata

Makalata ofunsira ntchito m'maofesi a kuno amalembedwa m'Chingerezi, ndipo amatsata kalembedwe kaja tinaphunzira kusukulu: keyala yanu pamwamba pamodzi ndi nambala ya foni ndi imelo, tsiku, keyala ya amene mukuwalembera monga ilili m'chilengezo, moni, kenako mutu wotchula ntchito imene mukufunsira. Ngati chilengezo chili ndi nambala ya ntchitoyo, iyikeni pamutu pomwepo, chifukwa malo ena amalengeza ntchito zingapo nthawi imodzi. Mukayamba ndi Dear Sir/Madam mumatseka ndi Yours faithfully. Mukatchula dzina la munthu mumatseka ndi Yours sincerely. Kalata yonse ikwane tsamba limodzi, mawu apakati pa 250 ndi 350, m'ndime zinayi.

Ndime yoyamba imanena ntchito imene mukufuna, kumene munaiona, ndi chimene muli. Ya mwana uja, m'Chichewa, inamveka motere: "Ndikufunsira ntchito ya wothandizira mu ofesi ya maakaunti imene munalengeza mu nyuzipepala ya Lolemba lapitali. Ndili ndi dipuloma ya za maakaunti, ndipo ndasungapo kashibuku ndi kufananitsa mabuku ndi sitetimenti ya kubanki pa atachimenti ya miyezi itatu." Ziganizo ziwiri zokha, koma zinthu zitatu mwa zisanu zija zatchulidwa kale.

Ndime yachiwiri ndiyo mtima wa kalata. M'menemo analemba za mavocha 40 pa sabata mu Excel, za kufananitsa mabuku kwa miyezi iwiri, ndi kuti mwezi wachiwiri anayamba yekha, akauntanti n'kudzaona pomaliza. Sanabise kuti panali womuyang'anira, chifukwa zimenezo zikusonyezanso kuti amaphunzira msanga ndipo anamukhulupirira. Kenako inabwera nkhani ya banki mkhonde ija.

Ndime yachitatu imayankha funso loti n'chifukwa chiyani mwasankha malo amenewa. Apa ambiri amalemba kuti kampaniyo ndi yotchuka ndi yolemekezeka, mawu amene angapite kwa aliyense. Iye analemba kuti akudziwa kuti nyengo yokolola kampani yogula mbewu imalipira alimi ambiri ndalama zing'onozing'ono tsiku limodzi, kuti zolakwika zimachuluka nthawi ngati imeneyo, ndipo anazolowera kutseka tsiku ndi kuwerengera ndalama pa benchi ya ndalama za pafoni. Anawonjezera kuti anazolowera kufotokozera alimi nkhani za manambala m'Chichewa chomveka. Zoterezi zimafuna kuti mufufuze pang'ono za malowo musanalembe: amachita chiyani, amatumikira ndani, ntchito imawachulukira liti.

Ndime yachinayi ndi yaifupi. Imatchula zimene mwaphatikiza, monga siivi ndi makope a masatifiketi, imanena kuti mungayambe liti, ndi kuti ndinu wokonzeka kudzaonekera ku intavyu. Ngati mwambo wolandira satifiketi sunachitike, nenani kuti mwaphatikiza pepala la zotsatira za mayeso kapena kalata ya kukoleji yotsimikiza kuti munamaliza.

Nanga zoti simunalembedwepo ntchito, muzitchule? Siivi ikuonetsa kale, choncho palibe chobisa. Koma musayambe nazo, ndipo musapepese. Ngati chilengezo chatchula ekisipiriyensi, chiganizo chimodzi chikwanira: kuti iyi idzakhala ntchito yanu yoyamba yolembedwa, koma zigawo zake zikuluzikulu mwazichitapo m'malo amene mwatchulawo.

Zimene zimagwetsa kalata, ndi mmene mungazionere

Cholakwika choyamba ndi kalata imodzi yopita kulikonse. Njira yoidziwira ndi yosavuta: phimbani ndi chala dzina la kampani ndi dzina la ntchito, n'kuwerenga zotsalazo. Ngati kalatayo ingapite ku banki, ku chipatala ndi ku hotelo osasintha liwu, ndiye kuti sikulankhula kwa aliyense. Makalata 20 a mwana uja anali kalata imodzi yosinthidwa keyala. Ngozi inanso ya chizolowezi chimenechi ndi kuiwala dzina la kampani ina m'kati mwa kalata yopita kwina.

Chachiwiri ndi kukopera kalata ya mnzanu kapena ya pa intaneti. Imabwera ndi Chingerezi chapamwamba chimene si chanu, ndipo amene amawerenga makalata ambiri amazindikira ziganizo zimene waziona kale kakhumi tsiku lomwelo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Yesani motere: pa chiganizo chilichonse dzifunseni ngati mungachifotokoze kwa mphindi ziwiri atakufunsani maso ndi maso. Chimene simungachifotokoze, chichotseni.

Chachitatu ndi bodza. Kusandutsa atachimenti ya miyezi itatu kukhala ntchito ya chaka, kapena kulemba pulogalamu ya maakaunti imene munangoiona pa kompyuta ya wina, kumaululika mosavuta. Ma intavyu ena a ntchito za mu ofesi amakhala ndi mayeso a pa kompyuta, ndipo foni imodzi kwa amene ankakuyang'anirani ikwanira kuulula zonse. Nenani atachimenti kuti atachimenti, ntchito yodzipereka kuti yodzipereka.

Chachinayi ndi kudandaula. Umasiye, umphawi, abale amene akukudalirani, zonsezi n'zolemera ndipo n'zoona. Koma amene akuwerengayo akuyankha kwa mabwana ake pa funso limodzi, loti munthuyu adzaigwira ntchitoyi kapena ayi. Mizere imene mwaipereka ku madandaulo mwailanda ku umboni.

Potumiza

Tsatani ndendende zimene chilengezo chanena. Akati pa imelo, tumizani pa imelo. Akati kalata ndi siivi zikhale fayilo imodzi, ziphatikizeni. Sungani zonse ngati PDF kuti kaonekedwe kasasokonekere pa kompyuta ya wina, ndipo fayilo ikhale ndi dzina lanu ndi la ntchito, osati Document1. Pa mzere wa Subject lembani dzina la ntchito monga lalembedwera m'chilengezo, ndipo m'kati mwa imelo musasiye mopanda kanthu. Mizere iwiri yonena zimene mwatumiza ikwanira. Keyala ya imelo ikhale ya dzina lanu lenileni, osati dzina la macheza la kusekondale. Ngati mukukapereka pamanja, sainani kalatayo, ndipo perekani makope a masatifiketi, osati enieniwo. Musadikire tsiku lotsekera, chifukwa magetsi ndi netiweki sizilonjeza.

Anthu okuchitirani umboni, monga mphunzitsi wa kukoleji ndi amene ankakuyang'anirani pa atachimenti, muwapemphe kaye musanalembe mayina awo, ndipo muwauze ntchito imene mwafunsira. Nambala imene mwalemba ikhale yoti imagwira masana. Ndipo wina akakuuzani kuti mutumize ndalama kuti dzina lanu lilowe pa mndandanda wa intavyu, dziwani kuti mwakumana ndi wakuba. Ntchito yeniyeni sigulidwa.

Kalata yatsopano ija inatitengera madzulo awiri, ndipo nthawi yambiri inathera pa pepala lodula pakati lija, osati pa kulemba kwenikweniko. Patapita masabata atatu foni yake inalira, ndipo anamuyitana ku intavyu yake yoyamba. Atabwerako ndinamufunsa kuti anamufunsa zotani. Anati za dipuloma sanachedwepo. Mayi wina wa pa gulu lofunsalo anatenga kalatayo, n'kuloza ndime yachiwiri, n'kunena kuti, "Tatiuzani bwinobwino, K45,000 ija munaipeza bwanji?" Funso limenelo analiyankha mosadodoma, chifukwa usiku uja anakhaladi maso ndi buku la amayi 22, akutsata tsamba ndi tsamba.